Mapapo akanyowa: chifukwa chake makina opumira amapereka mpweya wochepa kwa wodwala ARDS

Chisanu cha ku Dedza chikafika mu Juni ndi Julaye, mawodi amadzaza ndi anthu a chifuwa ndi chibayo. Ambiri amalandira jakisoni, nkuchira, nkubwerera kwawo. Koma pamakhala mmodzi kapena awiri amene mankhwala akulandira bwinobwino, okosijeni ali pamphuno, komabe kupuma kukungoipiraipira. Abale akauzidwa kuti m'mapapo mwalowa madzi, funso lawo limakhala limodzimodzi, ndipo ndalimva kambirimbiri pakhonde la magadiyani: "Adokotala, ngati ndi madzi, bwanji osangowapopa ndi jakisoni monga munachitira ndi amalume aja?"

Funso lachiwiri limabwera wodwalayo akatumizidwa ku chipatala chachikulu nkuikidwa pa makina opumira. Wachibale amene anaphunzirako za chipatala amayang'ana pa sikirini nkudabwa kuti munthu wamkulu akupatsidwa kampweya kochepa ngati ka mwana wa sukulu, chonsecho akubanika. Mafunso awiriwa yankho lake ndi limodzi, ndipo lili m'mene matendawa amaonongera phapo.

Matenda ake ndi otani

Madokotala amawalemba ndi zilembo zinayi, ARDS. M'Chichewa tinganene kuti ndi kulephera kupuma kobwera mwadzidzidzi chifukwa mapapo onse awiri atupa ndipo akuchucha madzi mkati mwake. Sikachilombo kapadera ayi. Ndi momwe mapapo amavulalira matenda ena akakula: chibayo choopsa, tizilombo tikafalikira m'magazi, masanzi akalowa m'njira ya mpweya, ngozi ya pamsewu ikaphwanya chifuwa, munthu akamira m'madzi kapena kupuma utsi wambiri, malungo aakulu, ngakhalenso nthawi zina pambuyo poikidwa magazi. Nthawi ya Kovidi anthu ambiri amene ankafera m'zipatala chifukwa chobanika ankafa ndi vuto lomweli, kungoti dzinalo silinkatchulidwa pa wailesi. Oyamba kulifotokoza anali madokotala a ku Denver ku America, David Ashbaugh ndi Thomas Petty pamodzi ndi anzawo, m'chaka cha 1967, ataona odwala 12 amene okosijeni sankawathandiza.

Kuti timvetsane bwino, tiyerekeze za bambo wina wa zaka 38 wa ku Bembeke, wolima ndi kugulitsa mbatatesi. Ndi chitsanzo chabe, koma manambala ake ndi onga amene timakumana nawo. Wadwala chifuwa ndi kutentha thupi masiku anayi, ndipo tsiku lachisanu afika naye ku chipatala akupuma mothamanga, osatha kumaliza chiganizo.

Zomwe zikuchitika mkati mwa phapo

Phapo lili ngati chinkhupule. Njira za mpweya zimagawikana ngati nthambi za mtengo mpaka kukathera m'timatumba ting'onoting'ono tokwana mamiliyoni mazanamazana. Kathumba kalikonse kazunguliridwa ndi timitsempha ta magazi, ndipo khoma lolekanitsa mpweya ndi magaziwo ndi lopyapyala kuposa khungu la anyezi kutalitali. Kupyapyala kumeneko ndiko kumalola okosijeni kudutsa nkulowa m'magazi, ndi kaboni dayokosaidi, mpweya woipa uja, kutuluka. Khomali liyenera kukhala lothina kuti madzi a m'magazi asadutse.

Matenda akakula, thupi limatumiza maselo oyera, asilikali ake, kukamenyana ndi tizilombo. Asilikaliwa amatulutsa mankhwala aukali amene sasankha: amapha tizilombo, koma amabowolanso khoma lija. Apa madzi a m'magazi, odzaza ndi mapuloteni, amayamba kuchuchira m'timatumba. Ndiye yankho la funso loyamba lija ndi ili. Madzi amene anapopedwa kwa amalume anali kunja kwa phapo, pakati pa phapo ndi nthiti, atasonkhana malo amodzi ngati chithaphwi. Madzi a ARDS ali mkati mwa chinkhupule chenichenicho, m'timatumba mamiliyoni. Jakisoni alibe pokabaya.

Pali chinthu china chimene chimaonongeka. Mkati mwa timatumba mumakhala timafuta toterera totchedwa safakitanti, timene timaletsa makoma a kathumba kumamatirana munthu akatulutsa mpweya. Amene anayesapo kutsegula jumbo yonyowa pamsika akudziwa momwe imakakamira. Madzi a mapuloteni aja amaononga safakitanti, maselo omupanga nawo amafa, ndipo timatumba tambiri timafwafwanika nkumatirana.

Nanga bwanji okosijeni sakuthandiza? Ganizirani malole obwera kudzanyamula katundu. Magazi ndiwo malolewo, ndipo kathumba kalikonse ndi malo opakirira. Malo ena atsekedwa, koma malole akudutsabe pomwepo nkupitirira opanda kanthu. Ngakhale muunjike katundu wochuluka bwanji pa malo amene ali otsegula, lole iliyonse ili ndi polekezera, siingasenze katundu wa inzake. Magazi odutsa pa timatumba tabwino amadzaza msanga, odutsa pa timatumba ta madzi amabwerera momwe anapitira, ndipo akasakanikirana okosijeni wa m'thupi amakhalabe wotsika. Nchifukwa chake namwino amakweza okosijeni kuchoka pa malita 5 kufika pa 15, nambala ya pa kachipangizo ka pachala nkungosuntha pang'ono.

Mfundo imene ndikufuna muigwiritsitse ndi iyi. Kale anthu ankaganiza kuti phapo lonse lauma gwa. M'zaka za m'ma 1980, dokotala wa ku Italy, Luciano Gattinoni, atajambula odwalawa ndi sikani yaikulu, anaona zina. Munthu akagona chagada, mbali ya kumsana ya mapapo imakhala yonyowa ndi yotsekeka, chifukwa phapo lolemedwa ndi madzi limadzipsinja lokha, mtimanso nkulitsamira. Kutsogolo kumatsala kachigawo kamene kakugwirabe ntchito, ndipo mwa odwala kwambiri kachigawoka kamangofanana ndi phapo la mwana wamng'ono. Choncho phapolo silinaume lonse. Lachepa.

Amadziwa bwanji kuti ndi ARDS

Palibe magazi amene mungayeze nkutuluka chizindikiro chakuti ARDS ilipo, monga timachitira ndi malungo. Madokotala anagwirizana mfundo zoti aziyendera, ndipo zodziwika kwambiri ndi za ku Berlin, zomwe zinasindikizidwa mu 2012. Zilipo zinayi. Vutolo likhale loti layamba kapena lakula pasanathe sabata imodzi chichitikireni chimene chaliyambitsa. Chithunzi cha m'chifuwa chionetse kuyera mbali zonse ziwiri. Madziwo asakhale oti angafotokozedwe kwathunthu ndi kufooka kwa mtima kapena kuchuluka kwa madzi a m'diripi. Chomaliza, okosijeni wa m'magazi akhale wotsika poyerekeza ndi amene wodwalayo akupatsidwa.

Mfundo yachitatuyo ndi imene imasokoneza kwambiri kwathu kuno. Mayi amene wangobereka kumene mtima wake nkufooka, kapena mnyamata amene mavavu a mtima wake anaonongeka ali mwana, naye amabwera akubanika, ekisire yake itayera mbali zonse. Koma kwa iyeyu khoma la timatumba silinabowoke, madzi akukankhidwa ndi magazi amene mtima ukulephera kuwapopa. Nthawi zambiri miyendo imakhala yotupa, mitsempha ya m'khosi itafufuma, mtima ukuoneka waukulu pa chithunzi, ndipo akapatsidwa mankhwala okodzetsa amapezako bwino m'maola ochepa. Wa ARDS sasintha msanga chotero. Kusiyanitsa awiriwa si nkhani ya dzina chabe, chifukwa chithandizo chawo chimasiyana.

Mfundo yachinayi ili ndi kasamu kophweka. Pa zikalata mudzaona PaO2, kutanthauza mphamvu ya okosijeni m'magazi otengedwa mu mtsempha wogunda, ndi FiO2, kutanthauza gawo la okosijeni mu mpweya umene munthu akupuma. Mpweya wamba uli ndi magawo 21 pa 100, ndiye FiO2 yake ndi 0.21. Mukagawa PaO2 ndi FiO2, munthu wathanzi amapeza zoposa 400. Malinga ndi mfundo za ku Berlin, 300 kutsika mpaka kupitirira pang'ono 200 ndi ARDS yocheperako, 200 kutsika mpaka kupitirira pang'ono 100 ndi yapakatikati, ndipo 100 kapena kucheperapo ndi yoopsa. Kafukufuku wamkulu wa m'maiko 50 amene anatuluka mu 2016 anapeza kuti omwalira anali pafupifupi 35 pa 100 aliwonse m'gulu loyamba, 40 m'lachiwiri ndi 46 m'lachitatu, ndipo awa anali odwala amene anafika m'zipinda za odwala mwakayakaya. Pali kakuti kena kamene ife a kumapiri timayenera kukumbukira: mfundozi zimati malo okwera kupitirira mamita 1,000 nambalayi ikonzedwe poganizira kupepuka kwa mpweya, ndipo tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600.

Vuto lake ndi lakuti mfundo za ku Berlin zimafuna makina oyeza mpweya wa m'magazi, ndiponso zimafuna kuti wodwalayo akhale kale pa makina omuthandiza kupuma. Pa chipatala cha boma laling'ono zimenezi kawirikawiri sizipezeka, ndiye kutsatira mfundozo ndendende kungachititse kuti tizinena kuti kuno kulibe ARDS, pamene anthu akufa nayo. Madokotala ogwira ntchito ku Kigali m'dziko la Rwanda anakonza njira ina, imene inasindikizidwa mu 2016. M'malo mwa PaO2 amagwiritsa ntchito SpO2, nambala ija ya kachipangizo ka pachala. Mukaigawa ndi FiO2 nkupeza 315 kapena kucheperapo, mfundo yachinayi yakwanira. Makina opumira safunika, ndipo pamene palibe ekisire, sikani yonga ya amayi oyembekezera ingagwiritsidwe ntchito poyang'ana mapapo. Mu 2023 akatswiri a padziko lonse anavomereza zambiri mwa izi m'mfundo zatsopano.

Tibwerere kwa bambo a ku Bembeke. Aikidwa timachubu ta pamphuno pa malita 5 pa mphindi, ndipo kachipangizo kakuwerenga 86. FiO2 ya munthu wa pa timachubu imangoyerekezedwa motere:

```
FiO2 = 0.21 + (0.03 x 5) = 0.36
SpO2/FiO2 = 86 / 0.36 = 239
```

239 ili pansi pa 315. Ekisire yayera mbali zonse, mtima ndi wa msinkhu wake, miyendo sinatupe, ndipo zonse zayamba m'masiku asanu. Imeneyi ndi ARDS yochokera ku chibayo. Kasamuka kali ndi malire ake. Sikagwira ntchito ngati SpO2 yapitirira 97, chifukwa pamenepo magazi adzaza kale ndipo nambalayo siisinthanso. Zala zozizira, monga zimakhalira m'mawa wa Julaye, zimanamiza kachipangizoko, ndipo pa khungu lakuda nthawi zina kamawerenga mokweza pang'ono kuposa zenizeni. Nchifukwa chake namwino wodziwa ntchito amawerenganso kapumidwe ndi kuyang'ana ngati wodwalayo wayamba kusokonezeka mutu.

Usiku womwewo bambowa afika pa masiki ya kathumba, malita 15, SpO2 ili pa 88. Atopa, akuodzera pakati pa mawu. Ambulansi iwatengera ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 80 pa msewu wa M1, kumene kuli chipinda cha odwala mwakayakaya.

Makina amene angathe kuvulaza

Makina opumira, amene achipatala amati ventileta, sachiza phapo. Amakankhira mpweya kudzera pa chubu cha pakhosi kuti munthu akhale ndi moyo pamene mankhwala akulimbana ndi chibayo ndipo phapo likudzikonza lokha. Koma kukankha kumeneko kungaonjezere bala.

Kwa zaka zambiri madokotala ankapereka mpweya wambiri pa kupuma kulikonse, mamililita 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Zinkaoneka zanzeru, popeza manambala a magazi ankakongola. Koma kumbukirani kuti phapo lachepa. Mpweya wonsewo sulowa m'timatumba totsekeka, umathamangira ku kachigawo kabwino kaja. Zili ngati kupopera mpweya wa tayala la galimoto m'chubu cha njinga. Timatumba tabwino timakokeka mopitirira muyeso, makoma ake nkung'ambika, nkuyamba kuchucha ngati anzake. Nthawi zina phapo limabooka ndithu, mpweya nkudzaza m'chifuwa. Kuvulala kwina kumachitika m'malire mwa chigawo chabwino ndi chonyowa, kumene timatumba timatseguka mpweya ukamalowa nkutsekekanso ukamatuluka, kopitirira ka 30,000 pa tsiku. Waya mukamaupinda ndi kuuwongola mobwerezabwereza mukudziwa chimene chimachitika. Phapo lovulala motere limatulutsanso mankhwala otupitsa aja nkuwathira m'magazi, impso ndi ziwalo zina nkuyamba kufooka. Odwala ARDS ambiri amafa chifukwa ziwalo zingapo zaleka kugwira ntchito, osati chifukwa cha kuchepa kwa okosijeni kokha.

Nkhaniyi inadulidwa ndi kafukufuku wa ku America amene anatuluka m'chaka cha 2000. Odwala 861 anagawidwa pawiri. Ena ankapatsidwa mamililita 12 pa kilogalamu, ena 6. Mwa olandira 12 anamwalira pafupifupi 40 pa 100 aliwonse, mwa olandira 6 anamwalira 31. Chimene chimandichititsa chidwi nchakuti m'masiku oyambirira a gulu la mpweya wambiri ndi amene manambala awo a okosijeni ankaoneka abwinoko. Nambala yokongola ya lero inkabisa bala la mawa.

Tepi yoyezera, osati sikelo

Kilogalamu imene ikunenedwa apa si ya pa sikelo. Munthu akanenepa mapapo ake sakula nawo. Kukula kwa mapapo kumatsatira kutalika kwa munthu ndiponso ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Choncho chida choyamba pokonza makina ndi tepi, yonga ya telala, ndipo kulemera kumene kumagwiritsidwa ntchito kumawerengedwa kuchokera ku msinkhu. Pa zikalata kumalembedwa PBW. Kwa mwamuna amayambira pa 50, kwa mkazi pa 45.5.

Bambo athu ndi ojintcha, pa sikelo amalemera makilogalamu 85, koma kutalika kwawo ndi masentimita 165.

```
PBW = 50 + 0.91 x (165 - 152.4) = 61.5 kg
VT = 6 x 61.5 = 369 mL ≈ 370 mL
```

VT ndi kuchuluka kwa mpweya wa kupuma kumodzi. Mamililita 370 ndi ongopitirira pang'ono botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Wina akanangoyang'ana thupi lawo nkuwerengera mamililita 10 pa makilogalamu 85, akanawapatsa 850, kuposa kuwirikiza kawiri. Amene amalakwiridwa kwambiri motere ndi amayi aafupi onenepa. Mayi wa masentimita 155 amafunika mamililita pafupifupi 290 okha, kaya sikelo ikunena 50 kaya 95.

Kuchuluka kwa mpweya ndi poyambira chabe. Pambuyo pake amayeza ngati phapo likuulandira bwino. Dokotala amadina batani loimitsa mpweya mkati kwa theka la sekondi, ndipo makina amaonetsa Pplat, mphamvu imene timatumba tikukokedwa nayo mpweya utaima. Imayezedwa m'masentimita a madzi, ndipo isapitirire 30.

Pali nambala inanso, PEEP. Uku ndi kukankha kochepa kumene makina amasiya m'mapapo munthu akamatulutsa mpweya, kuti timatumba tisatsekeke kotheratu. Popopa baluni, povuta ndi poyambira, ikakhala kuti yafwafwanika. Mukasiyamo kampweya pang'ono, kuipopanso sikuvuta. PEEP imayambira pa 5 ndipo imakwezedwa FiO2 ikamakwera. Nayo ili ndi mtengo wake: ikachuluka imapanikiza mitsempha yobweretsa magazi ku mtima, BP nkutsika, ndipo imatha kukoka mopitirira timatumba tabwino tija.

Ola loyamba pa makina, magazi a bambowa aonetsa PaO2 ya 64 ali pa FiO2 ya 0.8. Kugawa kwake ndi 80, ARDS yoopsa. PEEP yaikidwa pa 14, VT pa 370, ndipo Pplat yatuluka 32. Yapitirira. Mukachotsa PEEP pa Pplat mumapeza mphamvu imene kupuma kulikonse kukukoka nayo phapo, apa 18, ndipo madokotala ambiri amafuna kuti imeneyi isapitirire 15. Ndiye VT itsitsidwa kufika pa mamililita 5 pa kilogalamu, kutanthauza pafupifupi 310. Pplat itsika kufika pa 29. Malamulo ake amalola kutsika mpaka 4 ngati pakufunika kutero.

Kupuma kwakung'ono kumasiya kaboni dayokosaidi wambiri m'thupi, ndipo magazi amayamba kuwawasa. Pofuna kubweza zimenezi amachulukitsa kapumidwe, mpaka ka 35 pa mphindi. Kwa bambowa, akupuma ka 32, pH ya magazi, nambala imene imatsika magazi akamawawasa, yatuluka 7.24, pamene ya munthu wathanzi imakhala pakati pa 7.35 ndi 7.45. Akweza kufika pa 35, pH yafika 7.28, ndipo aisiya pomwepo. Kulola kuwawasa pang'onoku ndi dala, chifukwa thupi limakupirira kuposa momwe phapo lingapiririre kukokedwa. Kumene sakulola ndi kwa munthu wovulala mutu, poti kaboni dayokosaidi wochuluka amakweza kupanikizika kwa mu ubongo, ndiye wa ngozi ya minibasi amene wavulala chifuwa ndi mutu womwe amasautsa kwambiri madokotala. Okosijeni nayenso sathamangitsidwa mpaka 100. SpO2 ya pakati pa 88 ndi 95 ndi yokwanira, popeza okosijeni wochuluka kwa masiku ambiri nayenso amapweteka phapo. Wachibale akaona 91 pa sikirini, namwino osatekeseka, asaganize kuti anyalanyazidwa.

Kumugoneka chafufumimba

Tsiku lachiwiri mkazi wa bambowa alowa nkupeza amuna awo atagonekedwa chafufumimba, nkhope itatembenuzidwira kumbali. Mantha ake ndi omveka, koma ichi ndi chimodzi mwa zithandizo zamphamvu kwambiri, ndipo sichifuna mankhwala ogula. Munthu akagona chamimba, mtima suutsamiranso mapapo, mbali ya kumsana imene ndi yaikulu imatseguka, ndipo mpweya umagawika mofanana m'malo mothinana pa kachigawo kamodzi. Kafukufuku wa ku France ndi Spain wa mu 2013 anayesa izi pa odwala 466 amene nambala yawo ija ya PaO2 yogawidwa ndi FiO2 inali pansi pa 150. Ogonekedwa chamimba kwa maola osachepera 16 motsatizana anamwalira 16 pa 100 aliwonse pomatha masiku 28, pamene osiyidwa chagada anamwalira pafupifupi 33. Kumutembenuza munthu amene ali ndi chubu pakhosi kumafuna anthu anayi kapena asanu, mmodzi atagwira mutu ndi chubucho, chifukwa chikasololoka pakati pa ntchitoyi ndi ngozi yaikulu. Nkhope imatupa, ndipo pamphumi, pachifuwa ndi m'mawondo pamafunika kuyang'anira zilonda.

Madzi a m'diripi nawo amachepetsedwa BP ikakhazikika. Izi zimadabwitsa magadiyani amene anazolowera kuti diripi ndiye chithandizo. Koma khoma likuchucha, ndiye madzi oonjezera amakathera m'chinkhupule momwemo.

Alamu ikalira

Zinthu zimasokonekera m'njira zingapo, ndipo makina amanena ngati munthu akudziwa kuwawerenga. Kupatula Pplat pali Ppeak, mphamvu ya pamwamba penipeni mpweya ukamalowa. Ppeak ikakwera yokha, Pplat ili pomwe inali, vuto lili m'njira: makhololo atseka chubu, chubu chapindika, kapena wodwala akuchiluma. Zikakwera zonse ziwiri, vuto lili m'phapo kapena m'chifuwa. Mwina chubu chatsetsereka nkulowa ku phapo lakumanja lokha, mwina madzi achuluka. Koma zikakwera mwadzidzidzi, SpO2 ndi BP nkugwa limodzi, mbali imodzi ya chifuwa osamvekanso mpweya, ndiye kuti phapo labooka ndipo mpweya ukupanikiza mtima. Apa sadikira ekisire, amabaya chifuwa nthawi yomweyo kuti mpweyawo utuluke.

Vuto lina ndi lobisika. Munthu wa ARDS amamva njala ya mpweya, ndipo mamililita 310 samukwana. Amatha kukoka kawiri motsatizana asanatulutse, makina nkumupatsa 310 kawiri, zonse pamodzi 620. Pa batani palembedwa nambala yoteteza, koma phapo likulandira ina. Nchifukwa chake m'masiku oyambirira odwalawa amagonetsedwa tulo tofa nato, ndipo ena amapatsidwa mankhwala oletsa minofu kugwedezeka kwa tsiku limodzi kapena awiri. Abale amaona ngati munthu wawo wakomoka chifukwa cha matenda, pamene ndi mankhwala operekedwa mwadala. Kapumidwe kothamanga ka 35 kaja nako kangachititse kuti mpweya usamathe kutuluka wonse wina asanalowe, nkumaunjikana mkati, BP nkumatsika popanda chifukwa chooneka.

Za mphekesera ija yakuti amene walowa pa makina satulukanso, pali mbali ziwiri zoona. Amene amafika pa makina ndi amene adwalitsa kale, ndiye ambiri mwa iwo amamwalira ngakhale zonse zitachitidwa molondola. Ndi zoonanso kuti makina osakonzedwa bwino amavulaza, ndipo madokotala eniake ndi amene anatulukira zimenezi. M'Malawi mabedi a makinawa ndi ochepa ndipo ambiri ali m'zipatala zikuluzikulu, choncho wodwala wa ku Ntcheu kapena ku Dedza nthawi zambiri amathandizidwa ndi zomwe zilipo: kumuzindikira msanga, mankhwala a chimene chayambitsa, okosijeni wosadukiza, kusamala diripi, ndi kumugoneka chamimba ali maso ngati angathe, monga zinkachitikira nthawi ya Kovidi.

Masabata otsatira

Sabata yoyamba ndi ya kuchucha. Kuyambira cha kumapeto kwake mpaka sabata yachitatu, maselo otsala m'timatumba amachulukana, amamanganso khoma, amapopa madzi kuwabwezera m'thupi ndi kuyambanso kupanga safakitanti. Mwa anthu ena kukonzaku kumasiya zipsera, phapo nkuuma zenizeni, ndipo otere amakhalitsa pa makina.

Kwa bambo a ku Bembeke, atagonekedwa chamimba maulendo atatu, PaO2 yafika 76 pa FiO2 ya 0.4, kugawa kwake 190. PEEP itsitsidwa pang'onopang'ono mpaka 8, kenako 5. Mankhwala ogonetsa ayamba kuchepetsedwa m'mawa uliwonse, ndipo tsiku lakhumi ayesedwa kupuma okha kwa theka la ola chubu chili pomwepo. Apirira, kapumidwe sikanathamange, ndipo madzulo ake chubu chichotsedwa. Mawu awo ndi osasa, sakukumbukira bwino masiku apitawo, ndipo ena amalota zoopsa kwa nthawi yaitali. Mapapo a anthu ambiri ochira amabwerera pafupi ndi mwakale m'miyezi 6 mpaka 12. Chimene chimachedwa ndi minofu, imene imasungunuka munthu akagona osasuntha. Pofika nthawi yokumba mbatatesi ya kudimba bambowa akuyenda okha mpaka kumsika, koma thumba limene kale ankaliponya pa njinga osapempha thandizo akumusiyira mphwawo, iwo nkumangowerengera ndalama.